Makina osokera opalasa akamadumpha masitichi kapena kupiringiza ulusi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi ophunzira utelala, komanso amene anagula kapena kusiyiridwa makina opalasa ndi miyendo. Mayankhowa akunena za makina akuda aja a sitichi yowongoka, monga Singer 15, Butterfly ndi ena opangidwa motengera amenewa, amene bobini yake imalowera chakumanzere pansi pa singano.

Makina anga ayamba kudumpha masitichi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi singano. Mukatha singano, solorani ulusi wonse wapamwamba n'kuulowetsanso. Kenako tulutsani bobini muione, ndipo muyeretse pamene imakhala. Tenshoni, imene imalimbitsa kapena kumasula ulusi, ibwere kumapeto.

Ndondomeko imeneyi ili ndi chifukwa chake. Singano imatha msanga ndipo ndi yotsika mtengo, pamene tenshoni ikachunidwa bwino imakhala nthawi yaitali osasuntha yokha. Ambiri makina akangovuta amathamangira kupotokola tenshoni, ena mpaka kumasula masikuluwu apansi. Mapeto ake vuto limene linali limodzi limasanduka atatu, ndipo sadziwanso kuti loyamba linali liti. Sinthani chinthu chimodzi, sokani mzere pa kansalu koyesera kopinda pawiri, muone, kenako mupite pa china.

Kodi sitichi imadumpha chifukwa chiyani kwenikweni?

Kuti mumvetse, tsegulani kapuleti kotsetsereka kophimba bobini, mupendeketse mutu wa makina, muzungulitse gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono uku mukuyang'ana pansi. Singano imatsika ndi ulusi mpaka pamene imathera. Ikayamba kukweranso, ulusi umatsalira pang'ono chifukwa wagwidwa ndi nsalu, ndiye umafutukuka kumbali kwa singano n'kupanga kalupu kakang'ono. Nthawi yomweyo nsonga ya shatulo, yooneka ngati mbedza, imadutsa n'kukola kalupuko, kukazungulitsa pa bobini. Umu ndi mmene ulusi wapamwamba ndi wapansi umamangirirana.

Kalupuko ndi kakang'ono kwambiri, ndipo mbedza imadutsa pafupi ndi singano moti imatsala pang'ono kuikhudza. Singano ikapindika pang'ono chabe, kapena ikakhala m'munsi kuposa malo ake, kapena ikayang'ana kolakwika, mbedza imadutsa osakola kanthu. Singano imaboola nsalu ndithu, koma palibe mfundo, ndiye pamwamba mumaona sitichi imodzi yaitali pamene panayenera kukhala ziwiri kapena zitatu. Choncho kudumpha kulikonse ndi nkhani ya singano ndi mbedza kuphonyana, ndipo mafunso otsatirawa akungofufuza chimene chaziphonyanitsa.

Singano imalowa bwanji? Mbali yafulati iyang'ane kuti?

Tengani singano muiyang'anitsitse. Kumtunda kwake kuli mbali imodzi yafulati. Mbali inayo, yozungulira, ili ndi kangalande kakatali kotsika mpaka pa bowo. Mukayendetsa chikhadabo mumakamva. M'kangalandemo ndi mmene ulusi umabisala singano ikamaboola nsalu.

Lamulo lake ndi ili: ulusi umalowera mbali imene kuli kangalande kakatali, ndipo mbali yafulati imayang'ana kumene kumadutsa mbedza. Pa makina ambiri a Butterfly ndi anzake, komanso ma Singer 15 akale, mbali yafulati imayang'ana kumanja ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Koma alipo ma Singer ena, monga 15-88 ndi 15-91, amene ndi otembenuza: fulati kumanzere, ulusi kuchokera kumanja. Ngati simukudziwa kuti anu ndi ati, yang'anani kokolekera ulusi komalizira pamwamba pa singano. Mbali imene kamatsitsira ulusi ndi imene kangalande kayenera kuyang'ana.

China chimene chimaiwalika: singano ikankhidwe m'mwamba mpaka igunde, kenako mumange sikuluwu yake. Ikatsala ngakhale milimita imodzi, bowo lake limafika pansi kwambiri ndipo mbedza imaphonya. Mangani ndi sikuludiraiva pang'ono, chifukwa yomanga ndi zala zokha imamasuka mukamasoka nsalu yolimba.

Singano ikuoneka yabwinobwino. Ndingadziwe bwanji kuti yatha?

Maso okha sakwanira. Igonekeni pa galasi kapena pa puleti ya makina, mbali yafulati ili pansi, n'kuipsinja kumtunda ndi chala. Mpata wa pakati pa singano ndi galasi uyenera kukhala wofanana kuyambira kumtunda mpaka kunsonga. Ngati nsonga yadzuka kapena yagwa, yapindika. Kenako yendetsani nsongayo pa chikhadabo kapena pa kansalu kopyapyala. Ikamakanda kapena kukoka tiulusi, ili ndi kachibanthu.

Makutu nawo amathandiza. Singano yakuthwa imalowa mwakachetechete, yobuntha imamveka kuti thu thu thu pa nsalu. Opanga singano amalangiza kusintha pakatha maola pafupifupi 8 osoka. Tikudziwa kuti pakhonde pa sitolo ambiri amasoka nayo mpaka ithyoke, koma singano imene yagundapo zipi, batani kapena phini musaidalirenso. Mtengo wa singano imodzi sungafanane ndi wa nsalu ya kasitomala imene mwaiboolaboola posasula.

Ndigule singano yanji, ndipo manambala aja amatanthauza chiyani?

Makina amenewa amafuna singano za mbali yafulati, zimene pa paketi pamalembedwa HAx1, 15x1 kapena 130/705H. Mayina atatuwa ndi a mtundu umodzi. Chenjerani ndi zolembedwa DBx1: zimenezo ndi za makina akuluakulu amagetsi, kumtunda kwake n'kozungulira konse ndiponso n'kocheperako. Zimatha kulowa, koma sizikhala pamalo ake enieni, ndipo makina amadumpha.

Nambala imanena kunenepa kwa singano. Ya 11 ndi ya nsalu zopyapyala monga lainingi. Ya 14, imene imalembedwanso kuti 90/14, ndi ya chitenje, malaya ndi mayunifolomu ambiri asukulu. Ya 16 ndi ya khaki ndi mathalauzi okhuthala, ndipo ya 18 ndi ya jinzi yolimba. Singano yopyapyala pa nsalu yolimba imapindikira kumbali ikamalowa, n'kutalikirana ndi mbedza. Singano yonenepa pa nsalu yopyapyala imaboola bowo lalikulu loti silingagwire ulusi, ndiye kalupu kaja sikapangika bwino.

Ulusi nawo ugwirizane ndi singano. Muli ndi singano m'manja, lowetsani ulusi n'kuugwira mopendekeka. Singano iyenera kutsetsereka yokha. Ikamakakamira, ulusiwo wanenepa, ndipo udzanyenyeka n'kumaduka.

Ulusi ukupiringizana pansi pa nsalu. Ndiye kuti vuto ndi bobini?

Kawirikawiri ayi. Ili ndi funso limene limasokoneza anthu ambiri, chifukwa chipiringu chili pansi ndipo bobini nayo ili pansi. Koma ulusi umene wapiringizanawo nthawi zambiri ndi wapamwamba. Umatsika kukazungulira bobini, ndipo ngati palibe chougwira pamwamba, subwereranso wonse. Umatsala pansi uli lendelende, sitichi iliyonse ikuwonjezera wina, mpaka makina amalimba.

Mukafuna kutsimikiza, ikani ulusi wofiira pamwamba ndi woyera m'bobini, musoke pa kansalu. Mukatembenuza mudzaona nokha mtundu umene wapiringizana. Ukakhala wofiira, bobini isiyeni kaye.

Zoyambitsa zake ndi zitatu makamaka. Choyamba, ulusi sunalowe pakati pa timbale tiwiri ta tenshoni, unangodutsa pambali. Chachiwiri, ulusi wasololoka pa kamkono kokwera ndi kutsika kaja kamene kamaukoka. Chachitatu, mwayamba kupalasa musanatsitse kaphazi kopondereza nsalu. Izi zimachitika kwambiri pa nsalu yokhuthala, pamene kaphaziko kamaoneka ngati katsika kale.

Nanga ulusi wapamwamba uyenera kudutsa muti?

Musanayambe, kwezani kaphazi, ndipo zungulitsani gudumu kuti kamkono kokoka ulusi kafike pamwamba penipeni. Kukweza kaphazi n'kofunika chifukwa ndi kumene kumatsegula timbale ta tenshoni. Mukalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, timbale timakhala totsekana ndipo ulusi umangokhala kunja.

Kuchokera pa chikulunga cha ulusi, pitani pa kokolekera ka pamwamba kumanzere, mutsike pakati pa timbale kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, mukoleke pa kasipuling'i ka waya wopyapyala kali pomwepo, mukwere kukalowetsa pa bowo la kamkono, mutsikenso kudzera pa zokolekera za kumaso kwa makina ndi ka pamwamba pa singano, kenako mu singano.

Mukatha yesani chonchi. Kaphazi kali m'mwamba, kokani ulusi pafupi ndi singano: ubwere mosavuta. Tsitsani kaphazi mukokenso: tsopano ulimbe. Ngati palibe kusiyana, ulusi suli pakati pa timbale, kapena muli kachidutswa ka ulusi wakale kamene kakutiletsa kutsekana. Pindani kansalu koyera muyendetse pakati pake kaphazi kali m'mwamba. Makina akakhalitsa pa chinyontho timbaleti timachita dzimbiri, ndipo pamafunika kutichotsa n'kutipukuta mpaka tisalale.

Kasipuling'i kaja musakapeputse. Ntchito yake ndi kugwira ulusi kuti usalendewere singano isanalowe mu nsalu. Mukakakankha ndi chala kayenera kubwerera msanga. Kakathyoka kapena kufooka, ngakhale mupotokole tenshoni bwanji sitichi siingakongole.

Chipiringu chimangochitika poyambira pokha, pakati pamayenda bwino. Chifukwa chiyani?

Apa makina alibe vuto, ndi kayambidwe. Kwezani ulusi wa bobini, mukoke michira yonse iwiri kutalika kwa masentimita 10 kapena kuposerapo, muipititse pansi pa kaphazi chakumbuyo. Igwireni ndi chala pa masitichi awiri kapena atatu oyamba. Mukapanda kutero, mbedza imakokera michirayo pansi.

Chinanso ndi gudumu kubwerera m'mbuyo. Makina opalasa alibe chowaletsa kuzungulira mbali yolakwika, ndipo ophunzira ambiri amavutika apa. Gudumu liyenera kuzungulira chobwera kwa inu nthawi zonse. Likabwerera ngakhale theka, ulusi umakodwa mu shatulo n'kuduka. Yambitsani ndi dzanja lamanja, mapazi alandire gudumu likuyenda kale. Amene akuphunzira kumene ayambe apalasa opanda ulusi, kuima ndi kuyambanso mobwerezabwereza, mpaka mapazi azolowere.

Pomaliza msoko, imani kamkono kokoka ulusi kali pamwamba. Mukaona kuti pa bowo pakutuluka ulusi utatu kapena unayi ndipo nsalu ikukana kuchoka, ndiye kuti sitichi yomaliza sinathe. Musakoke mwamphamvu, mupinda singano. Zungulitsani gudumu pang'ono kuti imalizike.

Pa bobini ndiyang'ane chiyani?

Poyamba onani ngati ili ya makina anu. Bobini ya makina amenewa ndi yafulati mbali zonse, yaitali pafupifupi mamilimita 11. Za makina akuluakulu amagetsi ndi zazifupiko, ndipo zimagwedezeka m'kesi imene bobini imakhalamo. Yopindika kapena yadzimbiri itayeni, chifukwa imazungulira mogwiragwira.

Kenako onani kakulungidwe. Ulusi ukhale wosalala ndi wolimba, osati wowunjikana mbali imodzi kapena wofewa woti chala chikulowa. Musadzaze mpaka kusefukira, ndipo musakulunge ulusi watsopano pamwamba pa wakale. Chizolowezi chimenechi n'chofala chifukwa mabobini amachepa, koma kamchira ka ulusi wapansiwo kamatuluka n'kukola.

Polowetsa m'kesi, ulusi uyenera kubwerera m'mbuyo polowa mu kampata ka m'mbali mwa kesiyo, osati kungopitirira mbali imene ukuchokera, kenako upite pansi pa kachitsulo kopyapyala mpaka utulukire pa kabowo kake. Pobwezera kesi m'makina, kanyanga kake kalowe m'malo mwake ndipo mumve kuti yatseka. Kesi yosalowa bwino imathyola singano.

Tenshoni yabwino imaoneka bwanji, ndipo ndiichune bwanji?

Pa msoko wabwino, mfundo imabisala pakati pa nsalu ziwirizo, ndipo pamwamba ndi pansi pamaoneka chimodzimodzi. Pogwiritsa ntchito mitundu iwiri ija: timadontho tofiira tikaoneka pansi ndipo ulusi woyera wangogona mowongoka, wapamwamba ndi wolekerera, mangani. Timadontho toyera tikaoneka pamwamba, wapamwamba walimbitsa, masulani. Nsalu ikamachita makwinya mu msoko ndipo ulusi ukuduka mukaikoka, zonse ziwiri zalimba.

Kupotokola kumanja ndi kumanga, kumanzere ndi kumasula. Potokolani pang'ono, kaphazi kali pansi, musoke masentimita angapo, muonenso.

Tenshoni ya pansi ili pa kasikuluwu kakang'ono kali pa kesi ya bobini, ndipo sikafuna kugwidwagwidwa. Yesani chonchi: ikani bobini yodzaza m'kesi, mugwire ulusi kesi ikulendewera, dzanja lina lili pansi kuti isagwe. Iyenera kuima yokha, ndipo mukagwedeza pang'ono itsike masentimita awiri kapena atatu n'kuimanso. Ikangotsetsereka yokha, yamasuka. Ikapanda kusuntha ngakhale mugwedeze, yalimba. Musanapotokole, onani pansi pa kachitsulo kopyapyala kaja, chifukwa fumbi la nsalu likalowamo limakatukula ndipo ulusi umamasuka. Ngati n'kofunikadi, potokolani osapitirira kota, ndipo muchitire pamwamba pa mbale, chifukwa kasikuluwuko kakagwera mu mchenga simudzakapezanso.

Pa chitenje amasoka bwino, koma pa jinzi ndi pa nsalu zotamuka amadumpha. Ndichite chiyani?

Ngati pa chitenje sitichi ndi yabwino, makina ali bwino, musamasule kanthu.

Tengani chitsanzo cha ntchito imene imabwera tsiku ndi tsiku: munthu wagula jinzi pa kaunjika, akufuna muidule miyendo. M'makina muli singano ya 14 imene mwasokera mayunifolomu sabata yonse. Mukupinda kawiri, ndiye malo ambiri mukusoka nsalu zitatu, ndipo akuyenda. Mukafika pa msoko wa m'mbali, pamene nsalu zaunjikana, akudumpha masitichi atatu kapena anayi, kenako singano ikugunda puleti.

Pachitika zinthu ziwiri. Singano yachepa ndipo ikupindika. Komanso kaphazi kakukwera chitundacho chopendekeka, mphuno m'mwamba, ndiye sikakupsinja nsalu pamene singano ikulowa. Nsalu imadzuka limodzi ndi singano ndipo kalupu sikapangika. Ikani singano yatsopano ya 16 kapena 18. Menyani chitundacho ndi hamala pa thabwa kuti chiphwe. Talikitsani sitichi ifike mamilimita atatu kapena anayi. Mukafika pa chitunda, imani singano ili mu nsalu, kwezani kaphazi, muike kansalu ka jinzi kopindapinda kumbuyo kwake kuti kakhale mowongoka, mutsitse, kenako mudutse pamenepo pozungulitsa gudumu ndi dzanja. Musakoke nsalu kumbuyo pofuna kuthandiza makina. Kukokako ndi kumene kumapinda singano n'kuigundanitsa ndi mbedza.

Pa nsalu zotamuka monga za masikipa, vuto ndi lofananako: nsalu imamatirira singano n'kudzuka nayo. Funani singano za nsonga yozungulira zopangira nsalu zotere, za nambala 11 kapena 14. Zikasowa, ikani pepala lopyapyala pansi pa nsalu, musokere limodzi, muling'ambe pambuyo pake. Mukhozanso kumanga pang'ono sikuluwu yaikulu ya pamwamba pa mutu, imene imawonjezera mphamvu ya kaphazi.

Kodi dothi ndi kusowa kwa mafuta zingachititse zimenezi?

Kwambiri, makamaka kwa osokera panja m'nyengo ya fumbi. Masulani puleti ya pansi pa singano muone pakati pa mano oyendetsa nsalu. Nthawi zina fumbi la nsalu limatsendereka pamenepo mpaka mano amalephera kukwera, nsalu imaima malo amodzi ndipo ulusi umaunjikana. Zimachitikanso chimodzimodzi ngati chochunira kutalika kwa sitichi chagwera pa ziro.

Tulutsaninso shatulo pamodzi ndi mkombero umene umaigwira. Onetsetsani mmene zakhalira musanachotse, kuti mubwezere chimodzimodzi. Kachidutswa ka ulusi kamodzi kokha kotsala mu njira ya shatulo kamakwanira kulimbitsa makina onse. Yeretsani ndi kabulashi, ndipo mafuta akale ouma muwasungunule ndi palafini pang'ono n'kupukuta. Kenako dontho limodzi la mafuta a makina osokera mu njira imene shatulo imayendamo. Mafuta ophikira ayi ndithu: amathandiza lero, koma pakapita nthawi amauma n'kumata zitsulo. Timbale ta tenshoni sitifuna mafuta.

Shatulo ili m'manja, yendetsani chikhadabo pa nsonga ya mbedza ndiponso m'mphepete mwa bowo la puleti. Pamene singano inagundapo pamatsala kachibanthu kamene kamanyenya ulusi. Kakang'ono kamachoka ndi sandipepa wosalala kwambiri, koma nsonga ikathyoka m'pofunika shatulo ina.

Ndachita zonsezi koma akudumphabe. Kodi ndi taimingi?

Tsopano mwina ndi imeneyo, kutanthauza nthawi imene singano ndi mbedza zimakumana, ndipo mukhoza kuona nokha musanapite kwa makanika. Ikani singano yatsopano, chotsani kesi ya bobini, mupendeketse mutu. Zungulitsani gudumu mpaka singano itsike pamene imathera, kenako mupitirize pang'onopang'ono. Ikakwera pafupifupi mamilimita awiri, nsonga ya mbedza iyenera kukhala itafika pakati pa singano, pamwamba pang'ono pa bowo, ili pafupi kwambiri koma osagunda.

Ngati mbedza ikudutsa pa bowo penipeni kapena pansi pake, kapena pamwamba kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti mtengo wachitsulo wogwira singano unasuntha. Zimenezi zimachitika singano ikagunda chinthu cholimba mwamphamvu. Ngati shatulo ikugwedezeka kwambiri m'malo mwake, yadyeka. Kukonza zimenezi kumafuna munthu wozolowera, chifukwa kusiyana kwa milimita imodzi kumasintha zonse. Popita kwa makanika, tengani mutu wa makina pamodzi ndi kesi ya bobini, singano ndi ulusi umene mumagwiritsa ntchito, komanso kansalu kamene kakuonetsa kudumphako, kuti akayesere pa nsalu yomweyo imene ikukuvutani.